Nyutulo ya thiransifoma: waya wolunjika, rezisita kapena riyakita

Mu thiransifoma yotsitsa magetsi kuchoka pa 33 kV kufika pa 11 kV muli makoyilo atatu a mbali yotulutsa, ndipo nsonga zawo zitatu zimakumana pamalo amodzi. Malo amenewo ndiwo nyutulo. Tsiku limene zonse zili bwino, karenti ya mafezi atatu imafafanizana pamenepo, ndipo waya wochoka pa nyutulo kupita m'nthaka umangokhala duu, wopanda ntchito. Ntchito yake imayamba fezi imodzi ikakhudza nthaka, kaya nthambi ya bulugamu yagwera pa laini, kaya insuleta yang'ambika ndi mphenzi, kaya wokumba ngalande wabaya kebulo ndi piki. Karenti yolowa m'nthaka iyenera kubwerera kumene inachokera, ndipo khomo lobwererapo ndi nyutulo. Chimene mainjiniya aika pa khomo limenelo ndicho chimalamula kuti karentiyo ikhale maampiya 5,000, 400 kapena 3.

Pa malaini a m'mwamba, mafoliti ambiri ndi a mtundu womwewu, fezi imodzi kukhudza nthaka. N'chifukwa chake nkhani ya nyutulo imafika patali: kukula kwa kebulo, mtundu wa zotchinga mphenzi, mmene marileyi asetedwere, ngakhale moyo wa mwana amene wapeza waya uli pansi m'munda mwa chinangwa.

Kuti tisamangolankhula m'malere, titenge sabusiteshoni imodzi yongoyerekeza, ya kukula kofanana ndi zimene zimadyetsa tauni yapakatikati. Thiransifoma yake ndi ya 10 MVA, 33/11 kV, pa chikwangwani chake palembedwa Dyn11 ndi impidensi ya 8 peresenti. Ikamanyamula katundu wake wonse imatulutsa maampiya 525. Pakati pa fezi imodzi ndi nthaka pali mavoluti 6,350, ndiye kuti 11,000 kugawa ndi 1.732. Tikaiwerengera ku mbali ya 11 kV, impidensi ya thiransifomayo ndi maomu 0.97, ndipo tinene kuti laini ya 33 kV yoidyetsa ikuwonjezerapo maomu 0.24. Zonse pamodzi ndi maomu 1.21. Mafezi onse atatu atagundana pakhomo penipeni pa sabusiteshoni, pangadutse maampiya pafupifupi 5,250. Nambala imeneyi tiisunge, chifukwa ndiyo muyeso umene tiziyezerapo zina zonse.

Foliti ya fezi imodzi ndi nthaka imawerengedwa motere:

```
If = 3E / (Z1 + Z2 + Z0 + 3Zn + 3Rf)
```

E ndi mavoluti 6,350 aja. Z1 ndi Z2 ndi impidensi ya njira yonse kuchokera ku gwero, maomu 1.21 iliyonse. Z0 ndi impidensi imene imakumana ndi karenti yobwerera kudzera m'nthaka. Zn ndi chimene taika pa nyutulo, ndipo Rf ndi kukana kwa pamalo pamene waya wakhudza. Taonani kuti Zn yachulukitsidwa katatu. Fezi iliyonse ili ndi waya wakewake, koma njira yobwerera ndi imodzi yokha, choncho omu imodzi pa nyutulo imalemera ngati maomu atatu.

Njira yoyamba ndi kulumikiza nyutulo ku nthaka ndi waya wa mkuwa wokhuthala, popanda kanthu pakati. Zn ndi ziro. Chodabwitsa kwa ophunzira ambiri n'chakuti foliti ya fezi imodzi ikhoza kuposa ya mafezi atatu. Makoyilo a mbali ya 33 kV ndi a delita, ndipo delita salola karenti ya m'nthaka kuwolokera ku laini ya kumtunda, choncho Z0 ndi ya thiransifoma yokha, maomu 0.97. Tikaphatikiza 1.21, 1.21 ndi 0.97 tipeza 3.39, ndipo 19,050 kugawa ndi 3.39 ndi maampiya pafupifupi 5,600.

Karenti yotere ili ndi ubwino umodzi waukulu: siibisika. Rileyi iliyonse imaiona, fyuzi imaduka msanga, ndipo popeza karenti imachepa foliti ikamatalikira, marileyi amatha kusiyanitsa foliti ya pafupi ndi ya kutali. Ubwino wachiwiri uli pa mafezi awiri osakhudzidwawo. Nyutulo yagwiridwa zolimba pa nthaka, ndiye voliteji yawo siikwera kwambiri. Mainjiniya amati dongosolo lagwiridwa mokwanira ngati kukwerako sikupitirira 1.4 kuchulukitsa voliteji ya masiku onse, ndipo izi zimatheka riyakitansi X0 ikapanda kuposa X1 katatu, komanso rezisitansi R0 ikapanda kuposa X1. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene malaini a 132 kV ndi 400 kV m'maiko ambiri amakhala ndi nyutulo yolunjika. Pa voliteji yotere insuleshoni ndiyo imadya ndalama zambiri, ndipo nyutulo ikakhala yogwiridwa, wopanga thiransifoma amatha kuchepetsa insuleshoni ya koyilo pamene ikuyandikira ku nyutulo. Kumunsi kwenikweni, pa 400/230 V ya m'nyumba zathu, nyutulo imalumikizidwanso molunjika, chifukwa mababu ndi mafiriji amadalira kuti pakati pa fezi ndi nyutulo pakhale mavoluti 230 osagwedezeka, ndipo fyuzi kapena buleka ya pa bolodi imafuna karenti yokwanira kuti idule.

Mkangano weniweni uli pakati, pa 11 kV ndi 33 kV. Apa insuleshoni si yodula kwambiri, pamene maampiya 5,600 amawononga zedi. Kutentha kwa pamalo pa foliti kumakwera ndi karenti kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi nthawi. Kebulo ya pansi ili ndi chikuto cha mkuwa chozungulira insuleshoni, ndipo karenti ya foliti imabwerera kudzera m'chikutocho. Chikuto cha mamilimita 16 a sikweya chimapirira maampiya opitirira pang'ono 2,000 kwa sekondi imodzi. Pa 5,600 chimapirira nthawi yosakwana masekondi 0.2. Buleka ikachedwa pang'ono, kebulo siiwonongeka pamalo pa piki pokha. Imapsa m'kati mtunda wautali, ndipo miyezi yotsatira imaphulika apa ndi apo anthu n'kumadabwa. Mu injini ya magetsi kapena jenereta ndiye zoopsa zenizeni: moto wa foliti umasungunula zitsulo zopyapyala za m'kati, ndipo ntchito imene ikanakhala yongokulunganso koyilo imasanduka yomanganso makina onse.

Njira yachiwiri ndi rezisita. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tikafuna kuti karenti isapitirire maampiya 400, tigawe 6,350 ndi 400, tipeza maomu 15.9. M'fomula ija imeneyi ikhala 47.6, ndipo 3.39 ya thiransifoma ndi laini yangomira pambali pake. Karenti yatsika ka 14, ndipo kutentha kwa pamalo pa foliti kwatsika pafupifupi ka 200. Maiko amasiyana pa nambala imene amakonda. Ku South Africa malaini a 11 kV ndi 22 kV a kumidzi amatsitsidwa kufika maampiya 300 kapena 360. Ku Britain masabusiteshoni ambiri akale a 11 kV ankatsitsa kufika 1,000 pa thiransifoma iliyonse, ena ndi rezisita ya madzi, imene ndi thanki ya madzi osungunuliramo soda yokhala ndi chitsulo pakati. Kumene makoyilo ndi a delita ndipo nyutulo palibe, amaipanga ndi thiransifoma yaing'ono ya zigizagi, rezisita n'kumangidwa pa nyutulo ya imeneyo.

Rezisita si chinthu chozizira. Maampiya 400 akamadutsa pa maomu 15.9 amatulutsa kutentha kwa mamegawati 2.5. Zambiri zimapangidwa kuti zipirire masekondi 10, zina 30. M'masekondi 10 amenewo mphamvu yotuluka ingathe kubwatitsa malita 75 a madzi ozizira. Choncho pa waya wa nyutulo pamakhala CT ndi rileyi yakeyake yodikirira, imene pa zojambula imalembedwa SBEF kapena 51G. Ntchito yake ndi yakuti buleka ya fida ikakana kutsegula, iyo itsegule buleka ya thiransifoma rezisita isanapse. Nthawi yake iyenera kukhala yotalikirapo kuposa ya marileyi onse a mafida, komanso yofupika kuposa masekondi 10 aja.

Tsopano tifike pa chimene ndikuona kuti ndicho mtima wa nkhani yonseyi. Munthu akatsitsa karenti ya foliti wapulumutsa zitsulo, koma wachepetsanso chimene marileyi amaonera foliti. Tiyerekeze kuti sabusiteshoni yathu inayamba ndi nyutulo yolunjika, ndipo patapita zaka anaikapo rezisita koma marileyi sanawakhudze. Fida ili ndi CT za 600/1. Rileyi ya mafezi inasetedwa pa maampiya 400. Rileyi ya ethi, 51N, inasetedwa pa 20 peresenti, ndiye kuti maampiya 120, pa mzere wa IEC umene pa sikirini umalembedwa SI, ndi TMS ya 0.1. Nthawi yake imatuluka apa:

```
t = 0.14 × TMS / (M^0.02 − 1)
```

M ndi karenti ya foliti kugawa ndi seting'i. Kale, ndi maampiya 5,600, rileyi ya ethi inkalamula buleka m'masekondi pafupifupi 0.2, ndipo ikanalephera, ya mafezi inkaionanso folitiyo. Tsopano karenti ndi 400. Rileyi ya mafezi yayima pa malire penipeni, siingadaliridwenso. Ya ethi ili ndi M ya 3.3, nthawi yake ndi masekondi 0.57. Izi n'za foliti ya pakhomo, yachitsulo pa chitsulo. Foliti ikachitikira pa pholo la thiransifoma yaing'ono limene ethi yake ndi maomu 10, ndipo ya sabusiteshoni ndi omu imodzi, karenti ikhala 6,350 kugawa ndi 26.9, maampiya 236. M yatsika kufika pa 2, ndipo nthawi yapitirira sekondi imodzi. Kukana kwa pamalo pa foliti kukafika maomu 40, karenti igwa pansi pa 120 ndipo rileyi siinena kanthu.

Mankhwala ake ndi kutsitsa seting'i kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a karenti ya rezisita, maampiya 40. Foliti ya pakhomo idulidwa m'masekondi 0.3, ya pa pholo ija m'masekondi 0.4. Koma pabwera vuto lina. Ndi rezisita, karenti ya foliti imakhala pafupifupi yofanana kaya foliti ili pa kilomita yoyamba kaya yachisanu, chifukwa maomu 47.6 aphimba impidensi ya waya. Marileyi sangathenso kusiyanitsa malo poona kukula kwa karenti. Chotsala ndi nthawi: wakutali adule poyamba, wapafupi adikire masekondi 0.3 kapena 0.4 pamwamba pake, mpaka kufika pa SBEF. Mafyuzi aakulu a pa nthambi za laini nawonso ayenera kuonedwanso, chifukwa fyuzi ya maampiya 100 imachedwa kwambiri pa 236, ndipo buleka ya fida yonse ingatsegule fyuziyo isanaduke, dera lonse n'kukhala mumdima chifukwa cha nthambi imodzi.

Thiransifoma yeniyeniyo nayo imatsala poyera. Foliti ikachitikira m'kati mwa koyilo ya 11 kV, voliteji yoikankha imadalira pamene yachitikira. Pa theka la koyilo pali theka la mavoluti, ndiye pa nyutulo padutsa maampiya 200. Koma rileyi yofananiza karenti yolowa ndi yotuluka, 87T, imaona folitiyo kuchokera ku mbali ya 33 kV, ndipo kumeneko karenti imachepa kawiri: choyamba chifukwa mavoluti ndi theka, chachiwiri chifukwa mapindi a koyilo amene akunyamula foliti ndi theka. Pa thiransifoma yathu, foliti ya kunsonga kwenikweni imaoneka ngati maampiya 77 ku mbali ya 33 kV, ya pa theka ngati 19 okha. Katundu wonse ku mbali imeneyo ndi maampiya 175, ndipo seting'i ya 20 peresenti ndi 35. Ndiye kuti rileyi imeneyi ikuteteza gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a koyilo, la kumtunda. N'chifukwa chake rezisita imayenda limodzi ndi rileyi yotchedwa REF, imene imafananiza CT zitatu za mafezi ndi CT ya pa nyutulo. Iyo imaona karenti ya pa nyutulo mwachindunji, ndipo ikasetedwa pa maampiya 40 imateteza magawo 9 mwa 10 a koyilo. Munthu wogula rezisita osagula REF wagula chinthu chosakwanira, ndipo pamenepa sindiona chokambirana.

Pali mtengo winanso. Fezi imodzi ikagwira nthaka, pafupifupi mavoluti onse 6,350 amakakhala pa rezisita. Nyutulo yakwera, ndipo mafezi awiri abwino aja tsopano ali pa mavoluti 11,000 kuchokera ku nthaka. Chotchinga mphenzi cha 9 kV, chimene chinkakhala bwinobwino pa nyutulo yolunjika, chikhoza kutentha n'kuphulika. Pafunika cha 12 kV. Kebulo ya 6.35/11 kV imapirira ngati foliti ikudulidwa msanga, koma kumene foliti imaloledwa kukhalitsa amagula ya 8.7/15 kV. Chizindikiro chakuti izi zinaiwalika n'chodziwika: foliti ya pa fida imodzi imabala ina pa fida ina, pa fezi ina, nthawi yomweyo. Zikatero karenti siidutsanso pa rezisita. Imachoka pa fezi iyi kudzera m'nthaka kupita pa fezi iyo, ndipo imabwerera ku maampiya masauzande.

Anthu ambiri amaganiza kuti rezisita imateteza munthu wopeza waya wogwa. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Pa pholo la maomu 10 lija imathandizadi: ndi nyutulo yolunjika pangadutse maampiya pafupifupi 570, ndipo waya wa ethi wa pholo ungakwere kufika mavoluti 5,700, pamene ndi rezisita ndi 2,360. Kutsikako ndi kwenikweni, ngakhale 2,360 amaphabe. Koma taganizani waya umene waduka mu Okutobala n'kugwera pa mchenga wouma gwa, kukana kwake kuli maomu 500. Ndi nyutulo yolunjika padutsa maampiya 12.7, ndi rezisita 12.3. Palibe kusiyana. Rileyi ya pa 120 kapena pa 40 siona kanthu, ndipo waya ukhoza kugona pamenepo uli wamoyo tsiku lonse, ukuthetheka m'udzu. Chimene chimaona foliti yotere ndi rileyi ya SEF, yosetedwa pa maampiya ochepa, monga 5, yodikira masekondi angapo, ndipo makamaka yodyetsedwa ndi CT imodzi ya mphete imene mafezi onse atatu amadutsa m'kati mwake. CT zitatu zosiyana sizifanana ndendende, ndipo kusiyana kwawo pa katundu wamkulu kungaoneke ngati foliti. SEF ikatsegula, buleka siiyenera kudzitseka yokha monga imachitira pa foliti ya mphenzi, chifukwa mwina pafupi ndi wayawo pali munthu.

SEF ili ndi mdani wake, kapasitansi. Waya uliwonse wa magetsi ndi nthaka zimapanga kapasita, ndipo foliti ikachitika pena paliponse, mafezi abwino a mafida onse amatumiza karenti kudzera m'kapasitansi yawo kupita pa folitiyo. Laini ya m'mwamba ya 11 kV imapereka maampiya atatu kapena anayi pa makilomita 100. Kebulo ya pansi imapereka ampiya imodzi kapena awiri pa kilomita imodzi yokha. Fida ya m'tauni ya makilomita 10 a kebulo ikhoza kuonetsa maampiya 18 pa CT yake pamene foliti ili pa fida ya kumudzi, ndipo SEF ya pa 5 itsegula fida yosalakwa. Mukaona mafida awiri akutsegula pamodzi kawirikawiri koma foliti n'kumapezeka pa imodzi yokha, yambani mwakayikira zimenezi. Njira yake ndi kukweza seting'i pamwamba pa karenti ya kapasitansi ya fidayo, kapena kuika rileyi yoona kumene karenti ikulowera, 67N, imene imafananiza karenti ndi voliteji ya nyutulo.

Njira yachitatu, riyakita, ndi koyilo chabe. Siitentha ngati rezisita, ndi yaing'ono, ndipo siifuna chisamaliro chambiri. Popeza thiransifoma ndi laini nazo ndi riyakitansi, maomu ake amangophatikizidwa mwachindunji. Koma riyakita ili ndi malire amene rezisita ilibe. Koyilo ndi kapasitansi zikakumana zimakankhirana mphamvu uku ndi uku, ndipo moto wa foliti ukamazima ndi kuyakanso, voliteji imatha kudumpha kwambiri popanda choikhazika pansi. Rezisita imameza mphamvu imeneyo, bola karenti yake isachepere karenti ya kapasitansi ya dongosolo lonse, koma riyakita siimeza. Choncho lamulo la mainjiniya ndi lakuti riyakita isatsitse karenti ya foliti kuposera pa 25 peresenti ya foliti ya mafezi atatu, ndipo 60 peresenti ndiyo yabwino koposa. Pa sabusiteshoni yathu 60 peresenti ndi maampiya 3,150, ndipo riyakita yake ndi ya maomu 0.89. Malire a 25 peresenti ndi maampiya 1,310, pa maomu 3.7. Riyakita ndi yometa nsonga ya karenti, si yoifikitsa pa 400. Imayenera kumene foliti ya fezi imodzi yaposa mphamvu ya mabuleka, kumene mafyuzi akufunikabe karenti yokwanira, ndiponso pa jenereta yodyetsa katundu wa fezi ndi nyutulo, chifukwa Z0 ya jenereta ndi yaing'ono kwambiri ndipo makoyilo ake anamangidwa kuti apirire foliti ya mafezi atatu basi. Majenereta aakulu a pa siteshoni, okhala ndi thiransifoma yawoyawo, amapita mbali ina: rezisita yaikulu yotsitsa karenti kufika maampiya 5 kapena 10, ndi rileyi yoyang'ana voliteji ya nyutulo.

Pali riyakita imodzi imene imaswa lamulo la 25 peresenti mwadala. Waldemar Petersen wa ku Germany, mu 1917, anaona kuti karenti ya koyilo ndi ya kapasita zimayenda motsutsana, ndiye koyilo ya pa nyutulo ikachunidwa kuti karenti yake ifanane ndi ya kapasitansi, ziwirizo zifafanizana pamalo pa foliti. Tinene kuti mafida onse a sabusiteshoni yathu ali ndi mamaikurofaradi 5 pa fezi iliyonse. Pa mahezi 50, karenti ya kapasitansi ndi maampiya 30. Koyilo ya maomu 212, mahenure 0.68, itulutsanso maampiya 30 otsutsa. Pamalo pa foliti patsala maampiya awiri kapena atatu, ndipo moto wa pa insuleta umene wayatsidwa ndi mphenzi umazima wokha buleka isanagwedezeke. Ogula magetsi sadziwa n'komwe kuti kunachitika kanthu. Germany, Austria ndi maiko a kumpoto kwa Ulaya amagwiritsa ntchito njira imeneyi kwambiri. Chigawo cha Victoria ku Australia, pambuyo pa moto woopsa wa m'tchire wa mu February 2009, chinaika pa malaini a 22 kV makoyilo otere ophatikizidwa ndi zipangizo zofafaniza ngakhale karenti yotsalayo, kuti waya wogwa usayatse udzu.

Kwa dziko la mphenzi zambiri ndi malaini aatali a kumidzi, zimenezi n'zokopa. Koma koyilo ya Petersen imafuna zambiri. Fida imodzi ikazimitsidwa, kapasitansi imasintha ndipo koyilo iyenera kuchunidwanso, nthawi zambiri ndi makina odzichuna okha. Insuleshoni yonse, mpaka chotchinga mphenzi cha pa pholo lomaliza, iyenera kupirira mavoluti 11,000 kwa nthawi yaitali. Rileyi ya karenti wamba ilibenso ntchito pa foliti ya ethi. Voliteji ya nyutulo, 59N, imangonena kuti foliti ilipo, osanena fida yake. Kuti fida ipezeke pafunika rileyi yoyeza kachigawo kakang'ono ka karenti kamene kakuyenda limodzi ndi voliteji, ndipo CT yolakwitsa ndi madigiri ochepa ikhoza kuloza fida yosalakwa. Ndipo ngati laini yasiyidwa yamoyo foliti ili pompo, waya wogwa uja ukadali wakupha kufikira wina ataupeza.

Kwa 11 kV yodyetsa makebulo a m'tauni, mainjini a m'mafakitale ndi malaini a m'mwamba pamodzi, ine ndingasankhe rezisita ya maampiya mazana angapo, pamodzi ndi REF, SBEF ndi SEF, zotchinga mphenzi zitasinthidwa. Koma chisankho chimenechi chili ndi ngongole imene iyenera kulipidwa chaka ndi chaka. Rezisita imakhala miyezi osadutsa karenti, choncho ikaduka palibe chimene chimaoneka. Dzimbiri limadya zolumikizira, rezisita ya madzi imaphwa, ndipo waya wa mkuwa wa pa nyutulo ndi umene akuba amauthamangira, chifukwa masiku onse sugwira munthu. Njira ikaduka, dongosolo lasanduka lopanda nyutulo. Foliti ikadza padutsa maampiya 30 a kapasitansi okha, 51N ya pa 40 siona, SBEF ndi CT yake zili pa waya woduka, ndipo moto wozima ndi kuyaka ukukweza voliteji pa mafida onse.

Zizindikiro zake zimaoneka kwa amene akuziyang'ana. Mita ya voliteji ionetsa fezi imodzi ili pafupi ndi ziro, ziwiri zili pa 11 kV, koma palibe buleka yatsegula. Zotchinga mphenzi zikuphulika kunja kuli ngwee. Mbiri ya m'marileyi ikuonetsa miyezi yambiri ya mafoliti a mafezi awiri popanda ya ethi ngakhale imodzi, dzinja lonse lathunthu. Pa kukonza kwa pachaka, thiransifoma itazimitsidwa ndi kumangidwa ethi, rezisita iyezedwe: ipereke maomu 15.9 kapena pafupi, ndipo njira yonse kuchoka pa bushing'i ya nyutulo kufika pa ukonde wa ethi wa pansi iyezedwenso. Maomu akapezeka ochepa kwambiri, magawo ena a rezisita agundana kapena insuleta yake yabooka, ndipo karenti ya foliti yabwerera kumtunda. Pali zipangizo zimene zimadutsitsa kakarenti kakang'ono pa rezisita usana ndi usiku n'kuliza belu njira ikaduka. Kumene zimenezo palibe, pakhale rileyi ya 59N yodyetsedwa ndi ma VT a pa basibaa, chifukwa iyo imaona nyutulo itasuntha ngakhale waya wa rezisita utapita.